Chidule cha malangizo a ulimi chikafika kumunda chopanda muyezo: mmene mungachikonzere

Mvula ikangoyamba mu Novembala, zikalata za malangizo a ulimi zimayamba kuzungulira m'mafoni muno mu Harare. Zina ndi za alangizi a Agritex, nthambi ya boma yolangiza alimi, zina ndi za makampani ogulitsa mbewu ndi mankhwala. Zimakhala za masamba atatu kapena anayi, m'Chingerezi, mwina m'Chishona. Makolo athu a ku Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth, amene amalima kagawo kudambo kapena kuseri kwa nyumba, kawirikawiri sawerenga zonsezo. Amatuma mdzukulu, mlembi wa mpingo kapena wapampando wa kalabu kuti awafupikitsire m'Chichewa. Ngati munthu wotumidwayo ndinu, vuto limene limabwerabwera mukulidziwa: uthenga umatuluka waufupi, womveka bwino, koma kumunda chimanga chimawauka, kapena mbozi sizifa, kapena wina amathyola nkhwani tsiku lotsatira kupopera.

Chimene chimachitika n'chakuti wofupikitsa amadula zimene zikuoneka zotopetsa, ndiye manambala, n'kusunga zimene zikukoma kuwerenga, ndiye mbiri ya mbozi. Pafunika kuchita mosemphanitsa: kusunga manambala, kudula mbiri. Zoti mbozi yachilendo ya m'chimanga, yotchedwa fall armyworm, inafika ku Zimbabwe mu 2016 kuchokera kumaiko a ku America mungazitaye zonse, palibe phesi limene lidzafe. Koma nambala iliyonse imene mwasunga iyende ndi anzake: muyezo wa chiyani, m'madzi ochuluka bwanji, pamalo aakulu bwanji, liti.

Tiyeni tigwire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala a mankhwalawa ndawapanga kuti tiwerengere pamodzi, musakapopere nawo. Enieni ali pa lebulo ya botolo limene mwagula. Tinene kuti chikalata chikunena za mbozi ya m'chimanga ndipo chikuti: yenderani munda kawiri pa sabata; poperani mukapeza mapesi 20 pa 100 alionse ali ndi zizindikiro zatsopano; thirani `300 ml/ha` m'madzi okwana malita 200; poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, kuloza kunsonga kumene masamba atsopano akutulukira; bwerezani pakapita masiku 10 ngati mbozi zikadalipo, koma osapitirira kawiri pa nyengo; musalowe m'munda kwa maola 24; musakolole pasanathe masiku 14. Ndiye chidule chimene chimafika kwa agogo chimati: "Mukaona mbozi thirani mankhwala 300 ml, mubwereze pakapita masiku. Samalani, ndi poizoni." Palibe bodza m'mawu amenewa, koma aliyense wowatsatira alakwitsa.

Masamba apsa, kapena botolo latha msanga

Mukamva dandaulo limeneli, yambani mwayang'ana ngati chidule chanu chinasunga mawu akuti "pa hekitala". Tizilembo tiwiri ta `ha` ndi timene timagwa koyamba pofupikitsa, ndipo mlimi amene ali ndi sipuleya yobereka kumsana amangoganiza kuti 300 ml ndi ya sipuleya imodzi. Ikakhala ya malita 16, wathira kuposa kakhumi ndi kawiri muyezo woyenera.

Kubwezera "pa hekitala" n'koyenera, koma sikukwanira, chifukwa ndani muno m'tauni ali ndi hekitala? Hekitala ndi malo a mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Anthu athu amalima timagawo. Ntchito ya wofupikitsa ndi kutsitsa muyezowo kufika pa sipuleya, ndipo masamu ake ndi amodzi okha:

```
300 ml ÷ 200 l = 1.5 ml/l
1.5 × 15 = 22.5 ml
1.5 × 16 = 24 ml
1.5 × 20 = 30 ml
```

Ndalemba katatu dala, chifukwa masipuleya a malita 15, 16 ndi 20 onse alipo m'makomo, ndipo anthu amabwerekana. Chidule chonena kuti "24 ml pa sipuleya" osatchula kukula kwa sipuleyayo chasiya ntchito pakati. Ine ndimakonda kulemba muyezo wa pa lita imodzi poyamba, kenaka wa sipuleya yodziwika kwambiri m'gululo, kuti amene sakudzaza thanki athe kudziwerengera.

Kagawo ka Pfumvudza, ndondomeko ya ulimi wa timagawo ting'onoting'ono imene boma limalimbikitsa, n'kothandiza pano, poti ambiri akudziwa kukula kwake: mamita 39 ndi mamita 16, kapena kuti masikweyamita 624, gawo limodzi mwa magawo 16 a hekitala. Pa chitsanzo chathu kagawo kotere kakufuna madzi malita 12 ndi theka ndi mankhwala pafupifupi 19 ml. Sipuleya imodzi yosadzaza n'komwe. Izi zilembeni, chifukwa munthu akasungunula thanki yodzaza, zotsalazo sataya. Amabwereza mizere imene wapopera kale, kapena amakathira pa repu ndi tomato kudimba, mbewu zimene mwina mankhwalawo sanalembedwere.

Pali malire a masamu amenewa amene muyenera kuwadziwa. Malita 200 aja akuganizira munthu woyenda liwiro lina lake ndi nozo ina yake. Woyenda pang'onopang'ono, woima pa phesi lililonse, amatha madzi ambiri, ndipo akasunga 1.5 ml pa lita ndiye kuti wathira mankhwala ochuluka pamalo omwewo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yezani malo a mamita 10 ndi mamita 10 m'munda momwemo, thirani madzi okhaokha m'sipuleya, poperani monga mwa nthawi zonse, muone malita amene atha, muchulukitse ndi 100. Akatha malita 2, mukugwirizana ndi chikalata. Akatha malita 3, inu mumapopera malita 300 pa hekitala, choncho muyezo wanu ndi 1 ml pa lita, 16 ml m'sipuleya ya malita 16. M'chidule simungafotokoze zonsezi, koma mzere umodzi wonena kuti muyezowu ndi wa munthu amene amatha malita 2 pa malo a mamita 10 ndi 10 umateteza ambiri. Chikalata chikapereka kale muyezo wa pa sipuleya, koperani womwewo, musawerengenso zanu.

Kadontho nako kamapha mbewu. Malebulo ena kuno amalemba 1,5 ndi kachizindikiro kopumira m'malo mwa kadontho, ndipo pa foni ya galasi losweka, kapena m'maso mwa munthu wachikulire, 1,5 amaoneka 15. Kumeneko ndi kuwonjeza kakhumi. Lembani pawiri, m'manambala ndi m'mawu: 1.5 ml, mililita imodzi ndi theka.

Ndipo chonde musasandutse mamililita kukhala "zotsekera ziwiri" kapena "supuni imodzi" ngati chikalata sichinatero. Zotsekera za mabotolo n'zosiyana kukula, masupuni a m'nyumba nawonso, ndipo supuni imene yayezera mankhwala imapezeka yabwerera m'mbale ya shuga. Sirinji yopanda singano ya 10 ml kapena 20 ml ya ku famasi ndi yotsika mtengo, ili ndi mizere yowerengeka, ndipo mutha kuimangirira ku sipuleya kuti isalowe m'khitchini.

Muyezo anautsata ndithu, koma mbozi zikadali moyo

Apa pali zifukwa ziwiri, ndipo zonse zimabadwira m'chidule.

Choyamba ndi dzina la mankhwala. Chikalata chimatchula dzina la malonda, dzina la mankhwala enieni amene ali m'katimo, ndi mphamvu yake. Wofupikitsa amasunga limodzi lokha, kapena amangoti "mankhwala a mbozi". Taonani `emamectin benzoate`, amene ambiri amagwiritsa ntchito pa mbozi imeneyi. Amagulitsidwa amadzi olembedwa `1.9 EC`, okhala ndi magalamu 19 pa lita, komanso a timibulu olembedwa `5 SG`, okhala ndi magalamu 50 pa kilogalamu. Dzina ndi limodzi, mphamvu n'zosiyana, wina amayezedwa m'mamililita, wina m'magalamu. Mlimi akapita kusitolo ndi dzina lokha, wogulitsa amupatsa amene alipo, iye n'kukathira muyezo wa winayo. Choncho dzina, nambala ndi zilembo zotsatira nambalayo zikopedwe monga zilili pa lebulo, osazimasulira, osazifupikitsa. Onjezani kuti akagula ena, muyezo wa m'uthengawu sukugwiranso ntchito. Za mankhwala ogawidwa m'timabotolo topanda lebulo amene amagulitsidwa m'misewu, palibe chidule chingawathandize, poti palibe akudziwa mphamvu yake.

Chachiwiri ndi nthawi ndi malo opopera. Mawu akuti "m'mawa kwambiri kapena madzulo" amaoneka ngati okometsera, ndiye amadulidwa. Koma mboziyi masana imabisala mkati mwa nsonga, ndipo ikakula imadzitsekera ndi ndowe zake zooneka ngati utuchi, moti mankhwala omwazidwa pamwamba pa masamba dzuwa lili paliwombo saifika. Imafa bwino ikadali yaing'ono, pamene masamba angoyamba kuonetsa timawanga toyera toonekera kuwala, asanabooke mabowo akuluakulu. N'chifukwa chake "mukaona mbozi" si chidule cha "mapesi 20 pa 100". Wina adzapopera ataona phesi limodzi, kuwononga ndalama, wina adzadikira mpaka munda wonse utang'ambika. Nambala imeneyi isandutseni chinthu choti munthu achite ndi miyendo yake: imani malo asanu osiyana m'munda, osati m'mphepete mokha, yang'anani mapesi 10 pa malo alionse, ndipo mukapeza 10 ogwidwa pa 50 amenewo, poperani.

"Pajatu munati masiku angati?"

Funso ili likabwera, dziwani kuti mwasakaniza masiku. M'chikalata cha mankhwala mumakhala nthawi zitatu zosiyana, ndipo pofupikitsa zimakonda kuphatikana n'kukhala imodzi. Pali nthawi yodikira musanalowenso m'munda, pa chitsanzo chathu maola 24. Pali nthawi yodikira musanapoperenso, masiku 10. Ndipo pali nthawi yodikira musanakolole kapena kudya, masiku 14, imene pa lebulo imalembedwa kawirikawiri kuti `PHI`. Iliyonse ikhale ndi chiganizo chakechake, chokhala ndi mneni wake: kulowa, kubwereza, kudya.

Ya kudyayi ndi imene ndimaiopa kwambiri muno mu Harare. Amene analemba chikalata mwina amaganiza za chimanga chouma chokolola mu Epulo kapena Meyi, pamene masiku 14 si nkhani. Ife timathyola mondokwa mu Febuluwale, wina wootcha kunyumba, wina wokagulitsa pamsewu. Masikuwo amawerengedwa kuchokera pa kupopera komaliza, osati koyamba, ndipo ndi bwino kuwapatsa anthu chitsanzo cha deti: mwapopera pa 3 Febuluwale, musathyole lisanafike 17 Febuluwale.

Ndiye pali nkhwani, khwanya ndi bonongwe zimene zili pansi pa chimanga chomwecho. Zimalandira mankhwala onse otsika m'masamba, ndipo amayi amazithyola tsiku ndi tsiku. Chikalata cha chimanga nthawi zambiri sichizitchula. Masiku 14 a chimanga si a nkhwani, ndipo inu musapeke nambala yanu. Lembani poyera kuti chikalatachi sichinanene za ndiwo za m'munda, choncho zisathyoledwe mpaka mlangizi atafunsidwa, ndipo sonyezani kuti mawu amenewa ndi anu, si a m'chikalata.

Pa feteleza msampha wake ndi wofanana. "Masabata atatu chimanga chitamera" ndi "masabata atatu mutabzala" zimasiyana pafupifupi sabata yathunthu, ndipo chidule chongoti "pakatha masabata atatu" sichinanene kanthu. Sungani poyambira kuwerenga. Sunganinso dzina la feteleza. Achibale akumudzi ku Malawi anazolowera yureya, wokhala ndi nayitulojeni 46 pa 100, pamene kuno wobereketsa wofala ndi amoniyamu nayitireti, `AN` mwachidule, wa 34.5 pa 100. Kakapu ka nambala 5 ka yureya si kofanana mphamvu ndi kakapu ka nambala 5 ka `AN`, ndiye uthenga wongoti "kakapu kamodzi ka wobereketsa pa phando" ukadumpha malire umasanduka malangizo ena. Nambala ya kakapu nayo isagwe, poti ka 5 ndi ka 8 tonse timatchedwa kakapu.

Chenjezo lasanduka "samalani"

Chenjezo limakhala kumapeto kwa chikalata, wofupikitsa amafikako atatopa, ndipo ndime yonse imasanduka liwu limodzi. "Samalani" sauza munthu choti achite. Chenjezo lililonse lilembedwe ngati ntchito ya manja: valani magolovesi, gambuti, malaya a manja aatali ndi chophimba pamphuno ndi pakamwa, kuyambira posungunula, chifukwa pamenepo ndi pamene mankhwala ali amphamvu kwambiri, musapopere moyang'anana ndi mphepo, nozo ikatsekeka musaipuzire ndi pakamwa, musadye, kumwa kapena kusuta mpaka mutasamba ndi sopo, zovala zichapidwe pazokha.

Malebulo a ku Zimbabwe ali ndi chizindikiro cha makona atatu chosonyeza ukali wa poizoni: chobiriwira, chachikasu chopita ku olenji, chofiira, ndi chapepo chimene ndi choopsa kuposa zonse. Tchulani mtunduwo m'chidule. Ngakhale amene sawerenga amauona pa botolo, ndipo umawathandizanso kuzindikira ngati apatsidwa mankhwala ena. Chobiriwira sichitanthauza kuti mungapopere osavala zodzitetezera.

Ziwiri zimene sindilola kuti zidulidwe, uthenga utalike bwanji, ndi za madzi ndi za ngozi. Minda yathu yambiri ili m'madambo amene madzi ake amatsikira m'mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame mpaka ku nyanja ya Chivero, kumene mzinda umatunga madzi akumwa, ndipo m'malo ngati Epworth anthu amamwa za m'zitsime zosazama za pakhomo. Botolo likatha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, botolo libooledwe kuti wina asasungiremo mafuta kapena madzi, ndipo sipuleya isatsukidwe pachitsime kapena mumtsinje. Za ngozi, mwambo wathu ndi kumwetsa mkaka kapena kusanzitsa munthu. Zonsezi zikhoza kuonjeza vuto, makamaka pa mankhwala olembedwa `EC`, amene ali ndi zosungunulira zonga mafuta zotha kulowa m'mapapo munthu akamasanza. Lembani zimene lebulo ikunena: vulani zovala zonyowa, sambitsani ndi sopo ndi madzi ambiri, m'maso tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15, thamangirani kuchipatala mutanyamula botolo lenilenilo.

Chenjezo likhale mu uthenga womwewo umene muli muyezo. Mukagawa pawiri, wa muyezo udzatumizidwa kwa anthu makumimakumi, wa chenjezo udzatsala m'foni mwanu.

Chidule chokonzedwa

Pa chitsanzo chathu, uthenga woyenera kutumiza ungakhale wotere, dzina ndi mphamvu ya mankhwala zitakopedwa pamwamba pamodzi ndi mwezi, chaka ndi amene anatulutsa chikalata:

"Za chimanga chokha. Yenderani munda kawiri pa sabata: malo 5, mapesi 10 pa malo alionse. Mukapeza 10 ogwidwa pa 50, poperani. Muyezo ndi 1.5 ml, imodzi ndi theka, pa lita imodzi ya madzi: 24 ml m'sipuleya ya malita 16, 30 ml m'ya malita 20. Yezani ndi sirinji. Kagawo ka mamita 39 ndi 16 kakufuna malita 12 ndi theka okha. Poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, kuloza m'nsonga. Musalowe m'munda kwa maola 24. Bwerezani pakatha masiku 10 ngati mbozi zilipobe, kawiri kokha pa nyengo yonse. Musathyole mondokwa pasanathe masiku 14 kuchokera pa kupopera komaliza. Valani magolovesi, gambuti, malaya aatali ndi chophimba pamphuno. Nozo osaipuzira ndi pakamwa. Osatsuka sipuleya pachitsime. Ngozi ikachitika, sambitsani, osamwetsa mkaka, osasanzitsa, pitani kuchipatala ndi botolo. Zoonjezera zanga: chikalata sichinanene za nkhwani ndi khwanya, musathyole mpaka tifunse alangizi. Mukagula mankhwala ena, tsatani lebulo yake."

N'chotalika kuposa chija cha mizere iwiri, inde, komabe masamba anayi alowa m'ndime imodzi. Mwezi ndi chaka zija musaziiwale, chifukwa mauthenga a chaka chatha amadzukanso mvula ikagwa, pamene mankhwala ali m'sitolo asintha.

Musanatumize, chitani zinthu ziwiri. Tengani chikalata ndi cholembera, zungulizani nambala iliyonse imene ili m'menemo, kenaka muifufuze m'chidule chanu imodzi ndi imodzi. Imene palibe, mudzifunse ngati mwaisiya dala. Imene ili m'chidule koma m'chikalata mulibe, monga 24 ml uja, muiwerengenso kachiwiri, makamaka ndi munthu wina. Mukapeza kuti chikalata ndi lebulo zikusiyana, lebulo ya botolo limene lili m'manja ndi imene itsatidwe, ndipo alangizi adziwitsidwe.

Kenaka muwerengereni mmodzi mwa eni ake, koma musafunse kuti "mwamva?", poti ulemu udzawayankhitsa kuti eya. Funsani kuti, "Agogo, sipuleya yanu ija ndi ya malita angati, ndipo muthiramo angati? Mukapopera Lachiwiri, nkhwani muthyola liti?" Akayankha kuti, "Iwe mwanangu, si unati masiku khumi?", mwapeza pamene masiku a kubwereza alowerera a kudya, ndipo chiganizo chimenecho chilembedwenso. Ngati mutumiza uthenga wa mawu kwa amene sawerenga, tchulani nambala iliyonse kawiri, pang'onopang'ono, ndipo mutumizenso wolembedwa kuti mdzukulu akauonetse kusitolo pogula.